Wotchi imene inkandiuza zimene ndinkafuna kumva

Ndinasiya kumwa mankhwala a bipi kwa masabata 6 chifukwa chokhulupirira wotchi ya pamkono. Kupatula adokotala, mkazi wanga yekha ndiye ankadziwa zimenezi mpaka lero. Ndaganiza zoulula chifukwa anzanga awiri akuntchito andifunsa kale kuti agule wotchi yanji yoti iziwayang'anira thanzi koma isamathe moto msanga, ndipo nthawi zonse ziwiri ndinayankha mwachidule pobisa manyazi anga. Yankho lonse lili m'zimene zinandichitikira.

Ndili ndi zaka 52, ndimagwira ntchito ya mu ofesi ku Lilongwe. Tsiku lina ndinapita kuchipatala chifukwa cha chifuwa, ndipo anesi, monga mwa nthawi zonse, anayamba andimanga kansalu kopopa kaja pamkono. Makina anaonetsa 158/98. Anandiuza kuti ndibwerenso kawiri masiku osiyana, ndipo manambala sanasinthe kwenikweni. Adokotala anandifotokozera kuti kuchipatala munthu akamapezeka ndi 140/90 kapena kuposa pamenepo mobwerezabwereza, amati ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Anandilembera kambewu kamodzi ka amulodipini patsiku, n'kundilangiza kuti ndichepetse mchere, ndiziyenda pansi, komanso ndizidziyeza kawirikawiri.

Mawu akuti "muzidziyeza" ndi amene ndinawamva molakwika. Nthawi imeneyo ndinkavala Casio F-91W yakuda imene ndinaigula kalekale. Wotchi za mtundu umenewu zinayamba kupangidwa mu 1989, ndipo kabatire kake kaphanthiphanthi, kolembedwa CR2016, kamatha zaka ngati 7. Sinandivutepo, koma inkangonena nthawi basi. Ndinaiona ngati yachikale, yosathandiza munthu wodwala. Kutha kwa mweziwo ndinalowa m'sitolo ina ya mafoni m'tauni, ndipo mnyamata wogulitsa ananditulutsira wotchi yamakono, imene achinyamata amati simatiwotchi. Dzina lake ndinali ndisanalimvepo. Pa katoni panalembedwa kuti imayeza kugunda kwa mtima, mpweya wa m'magazi, bipi, ngakhalenso shuga, ndiponso kuti moto wake umatha masiku 7. Anandimanga pamkono, n'kudina, ndipo posakhalitsa sikirini inaonetsa 122/80. Mtima wanga unakhala pansi nthawi yomweyo. Ndinalipira osafunsa munthu aliyense wodziwa, ndipo Casio ija ndinaiponya m'dirowa.

Bodza loyamba linaonekera pa moto, ndipo linayenera kundichenjeza. Masiku 7 aja sanakwanepo. Ndikaitchaja Lamlungu usiku, pofika Lachiwiri madzulo inali itazima. Ndinayamba kuitchaja usiku uliwonse pambali pa foni, kutanthauza kuti tulo timene ndinkafunanso kuti izindiwerengera sinkationa n'komwe, chifukwa nthawi yogona inali pa tchaja. Magetsi akazima usiku, ndinkapita kuntchito ndi mkono wopanda kanthu. Tchaja yakenso inali yakeyake, kachingwe ka maginito ka timano tiwiri komata kumbuyo, kosagwirizana ndi chingwe cha foni iliyonse m'nyumba mwathu.

Zonsezi ndinkazipirira chifukwa cha manambala amene inkandipatsa. M'mawa 118/76, masana 124/82, madzulo 120/79. Ndikakangana ndi munthu kuntchito, 121/80. Ndikadya usipa wouma wamchere kwambiri, 119/78. Ndinayamba kuganiza kuti tsiku lija kuchipatala ndinangochita mantha ndi makina, kuti matenda ndilibe. Mapazi anali atayamba kutupa pang'ono cha m'akakolo, zimene zimachitika kwa ena akamamwa amulodipini, ndipo m'malo mobwerera kwa adokotala kuti aone chochita, ndinapeza chonamizira. Ndinayamba kudumphitsa tsiku limodzi, kenako awiri, kenako ndinasiyiratu. Wotchi inapitiriza kunena 120/80, ndipo ine ndinati ndachira.

Mkazi wanga anazindikira chifukwa ankawerenga mbewu zotsala m'kapepala. Usiku wina anandifunsa modekha kuti, "Abambo, mankhwalawa akuoneka kuti sakuchepa. Mwasiya kodi?" Ndinamuonetsa mkono. Iye anati, "Ine za mawotchi sindizidziwa, koma anakupatsani mankhwala ndi adokotala. Bwanji amene akuuzeni zosiya akhale iwo omwewo?" Ndinamuyankha mokweza mawu kuti asamanditenge ngati mwana. Mawu amenewo amandipweteka mpaka pano, chifukwa wolondola anali iye.

Sabata yachisanu ndi chimodzi kunabwera uthenga wa maliro. Malume anga anamwalira kumudzi ku Dedza, ndipo popeza ndine wamkulu mwa ana a mlongo wawo, zambiri zinagwera ine: bokosi, chakudya cha anthu, kukambirana ndi adzukulu, kulandira mafumu. Tinanyamuka mothamanga. Tchaja ya maginito ija inatsala pa soketi ku Lilongwe. Kumudzi kwathu kulibe magetsi, anthu amatchajitsa mafoni pa sola kwa wometa tsitsi pamsika. Ndinapita nayo kumeneko, mnyamatayo anayesa zingwe zake zonse, koma panalibe cholowa. Usiku wachiwiri wa pasiwa, wotchi inazima.

Tsiku loika maliro mutu unayamba kundipweteka chakunkhongo, kupweteka kolemera kumene ndinali ndisanakumvepo. Tili kumanda ndinayang'ana abusa, ndipo nkhope yawo inkaoneka ngati ili mu utsi. Ndinakweza mkono kuti ndidine, ndinapeza sikirini yakuda. Ndikunena zoona kuti ikanakhala ndi moto tsiku limenelo, ikanandiuza 120/80, ine ndikanamwa panado n'kukagona pamkeka. Chifukwa inali itazima, ndinalibe choyankhira mkazi wanga pamene anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Tiyeni kuchipatala tsopano lino." Msuweni wanga anatitenga pa galimoto imene inanyamula bokosi.

Kuchipatala makina anaonetsa 184/110. Anesi anandigoneka, nayezanso patapita kanthawi, ndipo inali idakali m'mwamba. Adokotala anandiyeza mphamvu ya manja ndi miyendo, anandiuza kuti ndimwetulire, ndilankhule, n'kutumiza mkodzo ndi magazi kokayeza. Kenako anandifunsa kuti mankhwala ndinamwa liti komaliza. Nditawauza, ndi chifukwa chake, sanandikalipire. Anangoti, "Bambo, mwachita mwayi. Ena amafika kuno mbali imodzi itafa kale ndi sitiroko." Anandigoneka usiku umodzi n'kundiyambitsanso mankhwala.

Usiku umenewo ndinaona chinthu chimene chinandiphunzitsa kwambiri. Anesi a usiku anali ndi kawotchi ka mivi kopachika pachifuwa. Anaika zala ziwiri pamtsempha wa padzanja langa, m'munsi mwa chala chachikulu, maso ali pa muvi wa masekondi. Anawerenga kwa masekondi 30, napeza 43, n'kulemba 86. Ndinawafunsa ngati zimenezo n'zodalirika. Anati mtima wa munthu wamkulu amene wapuma umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi, ndipo ukamamveka kuti ukudumphadumpha amawerenga mphindi yonse. Ndinakumbukira Casio yanga m'dirowa, imene ili ndi sitopuwotchi. Chida choyezera kugunda kwa mtima ndinali nacho kale zaka zonsezi.

Titabwerera ku Lilongwe ndinagula makina enieni a bipi, omanga pamkono pamwamba pa chigongono, oyendera mabatire 4 a AA. Mwana wa mlongo wanga, amene amakonza mafoni, anabwera kudzandizonda, ndipo tinatchaja wotchi ija kuti tiiyese. Ndinakhala pampando, makina kudzanja lina, wotchi kudzanja linalo. Makina anati 152/94, wotchi inati 121/79. Kenako anandiuza kuti, "Malume, tayendani mofulumira kuzungulira nyumbayi kasanu." Nditabwera ndili wefuwefu ndinawerenga ndekha ndi Casio, ndinapeza 52 pa masekondi 30, kutanthauza 104 pa mphindi. Wotchi inati 76. Pomaliza anaimanga pa nthochi n'kudina. Nthochi inapezeka ndi bipi ya 119/78. Iye anandichenjeza kuti mayeso a nthochi paokha sakwanira, popeza ngakhale wotchi zabwino nthawi zina zimasokonezeka ndi kuwala kobwerera kuchokera pa chinthu. Umboni weniweni unali wa kuyenda kuja: mtima wanga unakwera, nambala sinakwere.

Ndi iyeyo amene anandifotokozera za kagetsi kobiriwira kamene kamathwanima kumbuyo kwa wotchi. Magazi amameza kuwala kobiriwira. Mtima ukagunda, magazi amachuluka pang'ono m'timitsempha ta pansi pa khungu, ndipo kuwala kobwerera ku kadiso ka wotchi kumachepa. Mtima ukapuma, kuwalako kumachulukanso. Wotchi yabwino imawerenga kusinthasintha kumeneku n'kupeza kuti mtima ukugunda kangati. Ntchito imeneyi imaitha bwino ndithu munthu akakhala phee, lamba atagwira khungu osakhwepa. Imalakwitsa dzanja likamagwedezeka kwambiri, likazizira, kapena lamba akamasewera.

Koma kuwerenga kuti mtima wagunda kangati n'kosiyana ndi kuyeza mphamvu imene magazi akukankhira zipupa za mitsempha. Makina a kuchipatala amapopa mpweya mpaka kutseka mtsempha wa pamkono, kenako n'kumaphwetsa pang'onopang'ono kuti aone pamene magazi ayambiranso kudutsa. Kagetsi sikafinya kanthu. N'chifukwa chake ngakhale wotchi za makampani odziwika zimene zimaonetsa bipi zili ndi malire ake. Galaxy Watch ya Samsung, mwachitsanzo, imafuna kuti uyambe wayeza ndi makina a pamkono n'kulowetsamo manambalawo, ndipo uzibwereza zimenezi masabata 4 aliwonse. Choncho ngakhale mwini wotchi yodula amafunikabe makina opopa. Yanga sinandifunsepo nambala iliyonse, ndipo chimenechi chinali chizindikiro chachikulu chimene sindinachidziwe. Za shuga ndiye nkhani ndi yoopsa koposa. Mu Febuluwale 2024 bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku Amereka, la FDA, linachenjeza anthu kuti asadalire wotchi kapena mphete iliyonse yonena kuti imayeza shuga popanda kubaya khungu, chifukwa panalibe ndi imodzi yomwe imene linaivomereza. Ndimaganizira munthu wobaya insulini amene angakhulupirire nambala yotero monga ine ndinachitira ndi bipi.

Nkhani ya moto nayo ndinaimvetsa mochedwa. Batire la wotchi yamakono ndi laling'ono kwambiri, zambiri zili cha m'ma 300 mAh, pamene la foni masiku ano limafika 5,000 mAh. Moto wochepawo umadyedwa ndi zinthu zodziwika: sikirini yowala ya mitundumitundu, makamaka ikamayaka nthawi zonse, kagetsi koyeza mtima kakamathwanima osapuma, kuyeza mpweya wa m'magazi usiku wonse, kulandira mafoni ndi mauthenga, ndiponso GPS imene imalondola kumene ukuyenda. Masiku olembedwa pa katoni nthawi zambiri amawerengedwa zambiri mwa zimenezi zili zozimitsa. Ine ndinayatsa zonse tsiku loyamba.

Kuti muone kukula kwa kusiyanaku, taonani manambala amene makampani eni ake amanena. Kwa zaka zambiri Apple inkanena kuti Apple Watch wamba imatha maola 18, ndiye kuti ndi yotchaja tsiku lililonse. Garmin Instinct 2, imene sikirini yake ndi yosawala, yodalira kuwala kwa kunja kuti ioneke, amati imafika masiku 28, koma wotchi yomweyo ukayatsa GPS osazimitsa imatha pa maola 30. Timalamba tating'ono towerenga mapazi, monga ta Xiaomi, timafika cha m'ma sabata ziwiri. Palinso za pakatikati, monga Withings ScanWatch, imene ili ndi mivi ngati wotchi yakale ndi kasikirini kakang'ono, ndipo amati imafika masiku 30. Ndinadziwerengera ndekha: wotchi yotchaja tsiku lililonse imafuna magetsi maulendo 365 pachaka, kalamba ka sabata ziwiri maulendo 26, pamene Casio imafuna kabatire kamodzi pa masiku oposa 2,500. Kwa ife amene magetsi amatizimira ndipo maliro amatiitanira kumudzi mosayembekezereka, kusiyana kumeneku si kwa pa pepala chabe. Onjezani kuti batire lotchaja limafooka zaka zikamapita, ndipo m'wotchi zambiri linamatidwa mkati, pamene kabatire ka wotchi wamba amakusinthira wokonza mawotchi pakhonde la sitolo.

Cholakwa changa chachikulu chinali kufunsa funso lolakwika. Ndinkafunsa kuti, "Ndi wotchi iti imene imayeza zambiri?" Ndinayenera kufunsa kuti, "Kodi adokotala andiuza kuti ndiziyang'anira chiyani, ndipo chimayezedwa ndi chiyani?" Yankho langa linali bipi, ndipo bipi imayezedwa ndi makina opopa. Pa ntchito imeneyi wotchi wamba ndi yokwana, chifukwa chimene ndimafuna kwa iyo ndi kundikumbutsa nthawi ya mankhwala ndi kundiwerengera mphindi.

Umu ndi mmene ndimachitira tsopano, monga anandiphunzitsira anesi. Alamu ya Casio imalira 6 koloko m'mawa. Ndimayamba ndataya madzi, ndipo sindimwa tiyi kapena khofi, kapena kugwira ntchito yolemetsa, kwa mphindi 30 ndisanayeze. Ndimakhala pampando wotsamira, mapazi onse pansi osapingasa miyendo, mkono uli pa tebulo molingana ndi mtima, kansalu kali pakhungu osati pamwamba pa malaya. Ndimayatsa sitopuwotchi n'kukhala chete mphindi 5. Ndimayeza kawiri, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi, osalankhula, kenako ndimamwa mankhwala. Madzulo ndimabwerezanso. Sabata yoti ndikaonane ndi adokotala ndimachita zimenezi masiku 7 otsatizana, n'kulemba zonse m'kope. Za tsiku loyamba sitiziwerengera, zotsalazo timaziphatikiza n'kupeza nambala ya pakati. Kunyumba malire amakhala otsikirapo, 135/85, chifukwa munthu amakhala womasuka kusiyana ndi kuchipatala. Ulendo wapitawu yanga ya pakati inali 132/84. Za kutupa kwa mapazi kuja ndinawauza adokotala, ndipo anandisinthira mlingo wa mankhwala, chinthu chimene akanachita kale ndikanangofunsa. Anandiuzanso kuti makina akaonetsa 180/120 kapena kuposa, makamaka pamodzi ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kusaona bwino, kufooka mbali imodzi kapena lilime kulemera, ndisadikire kuti kuche.

Sindikunena kuti wotchi zamakono zilibe ntchito. Patapita miyezi ingapo mwana wa mlongo wanga uja anandipatsa kalamba kakang'ono ka kampani yodziwika, ndipo ndisanakakhulupirire ndinakayesa. Nditakhala pansi ndinawerenga 39 pa masekondi 30, ndiye 78, iko kanati 77. Nditayenda mofulumira ndinapeza 108, iko kanati 105. Ndinawerenga mapazi 500 pamsewu wa kwathu, iko kanasiyana ndi ine ndi mapazi ochepa chabe. Kamandithandiza pa chinthu chimene makina opopa sangachite, kundionetsa kuti tsiku limene ndimaganiza kuti ndayenda kwambiri ndangozungulira mu ofesi. Ndinazimitsa mauthenga ndi kuyeza mpweya usiku, ndinachepetsa kuwala, ndipo moto wake umandifikitsa masiku 12. Ndimakatchaja Loweruka pamene ndikusamba ndi kudya, choncho usiku kamakhala pamkono. Za tulo ndimangotengako nthawi imene ndinagona ndi kudzuka. Zoti tulo tatikulu tinali maola angati sindizilabadira kwambiri, chifukwa kamangoyerekeza potengera kugwedezeka kwa dzanja ndi kugunda kwa mtima.

Kwa anzanga awiri aja, yankho limene ndinakubisirani ndi ili. Ngati vuto lanu ndi bipi kapena shuga, ndalama yoyamba ipite ku makina opopa kapena kamakina kobaya chala, ndipo wotchi imene muli nayo kale musaitaye. Ngati mukufuna kuwerenga mapazi, kugunda kwa mtima ndi nthawi yogona, koma simufuna kutchaja tsiku lililonse, sankhani kalamba kapena wotchi ya sikirini yosawala ya kampani imene dzina lake mungalifufuze, ndipo masiku a pa katoni muziwachotserako. Ngati mukufuna yoyankhira foni ndi kuwerengerapo mauthenga, vomerani kuti mudzakhala pa tchaja pafupifupi tsiku lililonse. Funsani za tchaja yake musanalipire, ngati ina ingapezeke ikatayika. Ndipo iliyonse imene mwagula, iyeseni ndi zala zanu ziwiri mutakhala pansi, muiyesenso mutayenda mofulumira. Nambala imene sisintha thupi lanu likasintha musaikhulupirire, ngakhale ikhale yosangalatsa chotani. Koposa zonse, wotchi isakusiyitseni mankhwala.

Wotchi ija ndinafuna kuipereka kwa mnyamata wina wa kwathu amene ankaisirira, koma mkazi wanga anakana. Anati, "Mukamupatsa, mawa akaimanga pamkono pa agogo ake n'kuwauza kuti ali bwino." Inatsala m'dirowa momwe munali Casio. Kope la manambala limakhala pa tebulo pambali pa makina, ndipo m'mawa uliwonse alamu ikalira, iye ndi amene amanditungira madzi omwera mankhwala. Ndinamupepesa chifukwa cha mawu a usiku uja. Mbewu za m'kapepala amaziwerengabe, ndipo ine ndinamupempha kuti asasiye.